Kuwerenga chithunzi cha mita ya magetsi ya mayunitsi: chimene nambala iliyonse ikutanthauza

Munthu akakutumizirani chithunzi cha mita yake n'kufunsa kuti "kodi mayunitsi atsala angati apa?", musathamangire kumuwerengera nambala yaikulu imene ili pakati pa sikirini. Mita ya mayunitsi ili ndi kasikirini kamodzi kokha, koma pa kasikirini komweko imaonetsa zinthu zambiri mosinthanasinthana: mayunitsi otsala, magetsi onse amene nyumbayo yagwiritsa ntchito chiikireni mitayo, voteji, nthawi, tsiku, nthawi zina ndi uthenga wa vuto. Chithunzi chimagwira chimodzi chokha mwa zimenezi, chimene chinali pamenepo pa nthawi yojambulayo. Choncho ntchito yoyamba n'kudziwa kuti nambala mukuionayo ndi ya chiyani. Kukula kwake kumabwera pambuyo.

Gawo loyamba: onani ngati chithunzicho n'chodalirika

Manambala a pa sikirini ya mita amapangidwa ndi timizere tisanu ndi tiwiri. Tonse tikada, mumaona 8. Kamodzi kakazima, 8 uja amasanduka 9, 6 kapena 0. Vuto la kamera ndi lakuti mukajambulira cham'mbali kapena chapansi, timizere tozima timaoneka ngati mthunzi, ndipo 3 akhoza kuoneka ngati 8 kapena 9. Fulashi nayo imawala pa galasi n'kuphimba ngodya imodzi, ndipo m'ngodya ndi momwe mumakhala tizilembo ting'onoting'ono tofunika kwambiri.

Kulitsani chithunzicho n'kuona ngati m'mbali zonse zinayi za sikirini mukuoneka. Ngati mbali ina yadulidwa kapena yawala, pemphani china. Wojambulayo aime moyang'anizana ndi mita, azimitse fulashi, apukute fumbi pa galasi, ndipo ngati pali mdima awalitse tochi kuchokera cham'mbali, osati molunjika. Mita zambiri zimayatsa nyali ya sikirini mukadina batani lililonse.

Pali zithunzi ziwiri zimene simuyenera kutaya nazo nthawi. China ndi chimene chikuonetsa 8 yekhayekha ndi zizindikiro zonse zitayaka pamodzi. Imeneyo ndi mita ikudziyesa kuti timizere tonse tikugwira ntchito, zomwe mita zambiri zimachita magetsi akangobwera. Sikuti ili ndi mayunitsi 888888, komanso sikuti yagwidwa ndi mavuto onse nthawi imodzi. China ndi chimene manambala ake akuoneka osanjikizana, chifukwa kamera inajambula pamene sikirini imasintha. Pa zonse ziwiri, ajambulenso.

Gawo lachiwiri: werengani tizilembo ta m'mbali musanawerenge nambala

Pafupi ndi nambala, kawirikawiri kumanja, pamakhala chilembo chosonyeza muyeso. Chimenechi n'chimene chimamasula zonse.

`kWh` ndi mayunitsi. Yunitsi imodzi ndi magetsi amene chipangizo cha mawati 1000 chimadya chikayaka kwa ola lathunthu.

`kW` kapena `W` ndi mphamvu imene nyumba ikukoka pa mphindi imeneyo. Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka, chifukwa kusiyana kwa `kW` ndi `kWh` ndi kachilembo kamodzi kakumapeto, ndipo pa chithunzi chosaoneka bwino kamasowa. Wina akaona `2.35` amaganiza kuti mayunitsi atha, pamene mita ikungonena kuti ketulo ili pamoto.

`V` ndi voteji. Kumene magetsi a m'nyumba ali a 230, nambala yake imasewera pafupi ndi pamenepo, monga 226 kapena 234. `A` ndi maampu, kuchuluka kwa magetsi amene akuyenda m'waya pa nthawiyo. `Hz` imakhala pafupi kwambiri ndi 50, kapena 60 m'maiko ena, ndipo ilibe chochita ndi mayunitsi anu.

Mita zina zimaika khodi yaing'ono pamwamba kapena kumanzere, ya manambala atatu olekanitsidwa ndi timadontho. Makhodi amenewa ndi a dongosolo lotchedwa OBIS, ndipo amatanthauza chimodzimodzi pa mita za makampani osiyanasiyana. Amene mudzakumana nawo kawirikawiri ndi awa:

```
1.8.0    mayunitsi onse ogwiritsidwa ntchito
32.7.0   voteji
31.7.0   maampu
0.9.1    nthawi
0.9.2    tsiku
```

Mukaona `0.9.1` pamwamba ndi `14:32:07` pansi pake, mwadziwa kuti ndi wotchi chabe. Koma chenjerani: mita zambiri zimaika nambala yawoyawo m'malo mwa makhodi amenewa, monga `01` kapena `007`, yosonyeza tsamba limene sikirini ili. Manambala oterewa amasiyana malinga ndi kampani yopanga mita. Khodi imene pa mita ya mnzanu imaonetsa mayunitsi otsala, pa yanu ikhoza kuonetsa china. Mindandanda ya makhodi imene anthu amatumizirana pa foni ndi yothandiza pokhapokha itatchula mtundu wa mita, ndipo mtunduwo ukhale wofanana ndi dzina lolembedwa pa chivundikiro cha mita yanu.

Gawo lachitatu: pezani kadontho

Kadontho ndi kanthu kakang'ono kwambiri pa sikirini yonse, ndipo ndi koyamba kusowa pa chithunzi. Manambala `4620` akhoza kukhala 4620, 462.0 kapena 46.20. Mita zambiri zimaonetsa nambala imodzi kapena ziwiri pambuyo pa kadontho zikamaonetsa mayunitsi otsala. Ngati kadonthoko sikakuoneka, funsani risiti yomaliza. Munthu amene anagula mayunitsi 50 dzana sangakhale ndi 4620 lero.

Onaninso kutsogolo kwa nambala ngati kuli kamzere kopingasa. Mita zina zimalola kuti mayunitsi apitirire ziro kwa kanthawi, ndipo zikatero zimaonetsa nambala monga `-3.40`. Imeneyo ndi ngongole. Mukalowetsa mayunitsi 20, sikirini idzaonetsa 16.60, ndipo palibe amene wakuberani.

Gawo lachinayi: siyanitsani mayunitsi otsala ndi mayunitsi onse

Apa ndi pofunika kuchedwapo, chifukwa manambala awiriwa onse amalembedwa `kWh`, ndipo chilembo chokha sichingakuthandizeni.

Mayunitsi otsala amatsika mukamagwiritsa ntchito magetsi, ndipo amakwera pokhapokha mwalowetsa tokeni. Mayunitsi onse satsika, amangokwera kuyambira tsiku limene mita inayamba ntchito. Pa nyumba imene mita yakhalapo zaka, nambala ya mayunitsi onse imakhala m'masauzande, pamene otsala amakhala makumi kapena mazana ochepa. Pa mita yatsopano njira ya kukula kwa nambalayi sigwira, chifukwa onse awiri akhoza kukhala ang'onoang'ono. Zikatero pemphani chithunzi china cha tsamba lomwelo pakatha ola, chipangizo china chikuyaka. Ngati nambala yatsika, ndi otsala. Ngati yakwera, ndi onse.

Mita zambiri zokhala ndi mabatani zikasiyidwa osakhudzidwa zimabwerera pa mayunitsi otsala, kotero wojambula akhoza kungodikira pang'ono asanajambule. Zina zimangozungulira masamba, lililonse masekondi ochepa. Pa zimenezi kavidiyo ka mphindi imodzi n'kothandiza kuposa zithunzi khumi, chifukwa mumaona masamba onse motsatana.

Gawo lachisanu: yang'anani tizithunzi, makamaka ka swichi

M'kati mwa mita muli swichi imene imadula magetsi yokha. Pa sikirini imaoneka ngati kamzere pakati pa timadontho tiwiri: kakagona molumikiza timadonthoto ndiye kuti magetsi akudutsa, kakatukuka mbali imodzi ndiye kuti mita yadula. Mita zina zimaika kababu m'malo mwake, kapena mawu akuti `on` ndi `oFF`.

Kachithunzi kameneka kakawerengedwa limodzi ndi mayunitsi otsala, kamakuuzani kumene vuto lili. Swichi yotseguka, kutanthauza kuti kamzere katukuka, ndi `0.00 kWh` ndi nkhani yodziwikiratu: gulani mayunitsi. Swichi yotseka, kamzere katagona, mayunitsi alipo, koma m'nyumba muli mdima: mita ikutulutsa magetsi bwinobwino, vuto lili pa bokosi la mabuleka kapena m'mawaya a nyumbayo. Swichi yotseguka mayunitsi alipo: mita yadula pa chifukwa china, kawirikawiri chifukwa mwayatsa zinthu zambiri kupyola malire, kapena voteji yakwera kapena kutsika kwambiri, kapena mita yazindikira kuti chivundikiro chake chinatsegulidwa. Chomalizachi chimaonetsedwa ndi chizindikiro chakechake, chimene chimasiyana pa mita ndi mita, ndipo sichichoka pogula mayunitsi. Pamafunika tokeni yapadera yochokera ku kampani ya magetsi. Musadule chidindo kapena kumasula mita kuti muone m'kati: muli magetsi akupha ngakhale mayunitsi atatha, ndiponso kutsegula komweko n'kumene kumayambitsa chizindikirocho.

Kumbukiraninso kuti nyumba zambiri zili ndi mita ya zigawo ziwiri. Mita yeniyeni imakhala panja kapena pa polo, ndipo kabokosi ka mabatani kamene kali m'nyumba kamangolankhulana nayo. Ngati chithunzi chikuonetsa timizere topingasa tokhatokha, kapena mawu onena za kulumikizana monga `Conn`, kabokosiko sikakuimva mita, ndipo nambala iliyonse imene kanaonetsa komaliza ikhoza kukhala yakale. Mabokosi amene amadutsira m'mawaya a magetsi ayenera kulumikizidwa pa soketi ya pakhoma yoyatsa, osati pa ekisitenshoni. Chizindikiro cha batire pa kabokosi kotere nthawi zambiri chikunena za mabatire ake, amene amafunika kuti mulowetse tokeni mayunitsi atatheratu.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: mawu amene amabwera mutalowetsa tokeni

Tokeni ya mita zotsatira STS, dongosolo la matokeni limene mita zambiri za mayunitsi zimagwiritsa ntchito, ili ndi manambala 20. Mukaimaliza, mita imayankha ndi liwu lalifupi, ndipo chifukwa cha timizere tija zilembo zimaoneka zachilendo: zazikulu ndi zazing'ono zimasakanikirana, S amafanana ndi 5, O ndi 0, b ndi 6. Chimene wina angawerenge kuti U5Ed mwina ndi `USEd`.

`ACCEPt` kapena `Good` ndiye kuti yalandiridwa. `rEJECt` ndiye kuti yakanidwa, ndipo chifukwa chofala ndi nambala yolakwika polemba kapena tokeni yogulidwira mita ina. `USEd` ikutanthauza kuti tokeniyo inalowa kale m'mita yomweyo. Mayunitsi ake analowa, mwina munthu wina m'nyumbamo anakutsogolerani. `oLd` ndi tokeni yakale kwambiri poyerekeza ndi zimene mita ikukumbukira, zomwe zimachitika mukasunga tokeni imodzi n'kumalowetsa zatsopano zambiri. `FULL` ndiye kuti mita singalandire mayunitsi ena mpaka ena atagwiritsidwa ntchito, ndipo tokeniyo sinawonongeke. Kalembedwe ka mawuwa kamasiyana pang'ono, ndipo mita zina zimangoonetsa kachizindikiro kochonga kapena ka mtanda, kapena `Err` ndi nambala imene tanthauzo lake lili m'kabuku ka mitayo.

Mukaona `rEJECt`, yambani ndi kufananiza nambala ya mita ya pa risiti ndi ya pa chithunzi. Nambala ya mita imakhala ndi manambala 11, ina 13, ndipo imalembedwa pafupi ndi timizere takuda ta pa chivundikiro. Pa chivundikiropo pamakhala manambala ena ambiri, choncho werengani kuchuluka kwake kuti musatenge olakwika. Ngati nambala ikufanana, tokeni yalembedwa bwino, koma ikukanidwabe, ganizirani za kiyi, nambala yachinsinsi imene mita imagwiritsa ntchito pozindikira matokeni. Mita za STS zinkawerenga nthawi ya matokeni kuchokera mu 1993, ndipo malo owerengerawo anadzaza pa 24 Novembala 2024. Chifukwa cha zimenezi, mita iliyonse inayenera kulandira matokeni apadera osinthira kiyi. Mita imene yakhala nthawi yaitali osagwiritsidwa ntchito ikhoza kukhala kuti sinasinthidwe, ndipo imakana matokeni atsopano mpaka apaderawo atalowetsedwa. Pa risiti zina mumaona `KRN`, `SGC` ndi `TI`, manambala okhudzana ndi kiyiyo. Zimenezi ziyenera kufanana ndi zimene zili m'mita, ndipo wozikonza ndi kampani ya magetsi yokha.

Tiyeni tiwerenge chitsanzo chimodzi mpaka pamapeto

Tinene kuti mchemwali wanu watumiza chithunzi ndi uthenga wakuti: "Achimwene, magetsi azima koma mayunitsi alipo 231, taonani." Pa chithunzipo pali `231.4`. Mukakulitsa mukuona `V` kumanja ndi `32.7.0` pamwamba. Imeneyo ndi voteji. Yakuuzani chinthu chimodzi chothandiza, kuti magetsi akufika pa mita ndipo ali bwino, koma za mayunitsi sinanene kanthu.

Mukupempha kavidiyo. M'menemo mukuona `46.20 kWh`, kenako `3518.6 kWh` ndi khodi `1.8.0`, kenako `0.00 A`. Kaswichi n'kotukuka, ndipo palibe chizindikiro cha chivundikiro. Tsopano nkhani yaoneka: mayunitsi otsala ndi 46.20, enawo ndi onse a chiikireni mita, m'nyumba simukuyenda magetsi, ndipo wadula ndi mita yeniyeniyo. Voteji ili bwino, mayunitsi alipo, chotsala ndi kulemedwa. Mukufunsa zimene zinali zoyatsa, ndipo akuti giza, kuka mbale ziwiri, ketulo ndi ayironi.

Werengani mongoyerekeza: giza mawati 3000, kuka 2500, ketulo 2000, ayironi 1200, zonse pamodzi 8700. Mukagawa 8700 ndi 230 mukupeza maampu pafupifupi 38. Pa chivundikiro pa mitayo palembedwa `5(60)A`, ndipo wina anganene kuti 38 sanafike pa 60, ndiye vuto si limenelo. Koma 60 ya m'mikutiramawuyo ndi malire a chipangizocho, maampu amene chingapirire. Kampani ya magetsi ikhoza kuika malire ake ocheperapo m'kati mwa mita. Ngati pa nyumbayi anaika maampu 30, amene ndi mawati 6900, kudulako n'koyenera. Chochita n'kuzimitsa giza ndi ayironi n'kudikira. Mita zambiri zimabwezeretsa zokha magetsi pakapita kanthawi, zina zimafuna kudina batani, ndipo zina zikadula kangapo motsatizana zimadikiritsa nthawi yotalikirapo.

Magetsi atabwera, mchemwali uja akudandaulanso kuti mayunitsi akutha msanga. Apa zithunzi ziwiri zojambulidwa pa ola lofanana zimathetsa mkangano. Tinene kuti Lolemba m'mawa, zinthu zitakhazikika, manambala anali omwe aja, 46.20 ndi 3518.6. Lachitatu pa ola lomwelo ndi 31.80 ndi 3533.0. Otsala atsika ndi 14.40, onse akwera ndi 14.4. Manambala awiriwa akugwirizana, kutanthauza kuti yunitsi iliyonse imene yachoka yapita ku magetsi amene adutsadi m'mita. Pa tsiku akugwiritsa ntchito 7.20, ndipo 31.80 otsalawo awafikitsa masiku anayi ndi maola pafupifupi khumi. Ngati pakati pa zithunzi ziwirizo analowetsa tokeni, onjezani mayunitsi ake pa nambala yoyamba musanachotsere, apo ayi masamu sangagwirizane.

Kugwirizanako sikunanene kuti magetsi onsewo anadyedwa ndi zinthu zimene mchemwali wanu akuzidziwa. Kuti mudziwe zimenezo, gwiritsani ntchito kanyali kofiira kamene kamaphethira pa mita. Anthu ambiri amakaona pa chithunzi n'kuganiza kuti ndi chenjezo, koma ngati pafupi pake palembedwa `imp/kWh`, n'kowerengera chabe. Pa mita yolembedwa `1000 imp/kWh`, kamaphethira ka 1000 kuti yunitsi imodzi ithe. Werengani masekondi a pakati pa kuphethira kuwiri, ndipo gawani 3600 ndi masekondiwo kuti mupeze mawati. Masekondi 2 ndi mawati 1800, masekondi 36 ndi mawati 100. Ngati mita yalembedwa nambala ina, monga 1600 kapena 3200, chulukitsani yankholo ndi 1000 n'kugawa ndi nambalayo.

Tsopano azimitse zonse m'nyumba, kuphatikizapo filiji ndi giza, azule za m'masoketi, n'kuyang'ana kanyaliko kwa mphindi zingapo. Kakapitiriza kuphethira, pali china chimene chikukoka magetsi. Agwetse mabuleka limodzilimodzi mpaka kasiye, ndipo buleka limene lakasiyitsa ndilo loti wa magetsi wodziwa ntchito adzayambirepo kufufuza. Ngati kakuphethirabe ngakhale meni swichi ya nyumba itazimitsidwa, ajambule kavidiyo koonetsa swichi yozimayo, kanyali ndi nambala ya mita, n'kupita nako ku kampani ya magetsi, chifukwa ndiye kuti magetsi akutuluka penapake pakati pa mita ndi bokosi la mabuleka, kapena mitayo ili ndi vuto.